Ndani alipire makina akakhala chete?

Fakitale yoyenga mafuta ophikira imalipira lendi, inshuwalansi, alonda ndi akapitawo mwezi ndi mwezi, kaya makina akulira kaya ali zii. Ndalama zimenezi sizisintha ndi kuchuluka kwa mafuta otuluka, komabe lita iliyonse iyenera kusenzako gawo lake kuti mwini fakitale adziwe mtengo wopangira. Masamu ake ndi ogawa basi. Mkangano wa akauntanti uli pa nambala yogawira.

Tiyerekeze kuti ndalama zosasinthazi ndi K120 miliyoni pachaka. Nambala yoyamba ndi ya zimene makina angathe kutulutsa tikachotsa masiku a tchuthi, nthawi yotsuka matanki ndi yosintha sefa, komanso kuwonongeka kwa apo ndi apo. Tinene kuti ndi malita 400,000. Uwu ndi mlingo wotheka, ndipo suyang'ana ngati ogula alipo. Nambala yachiwiri ndi ya zimene fakitale imatulutsa pachaka tikaphatikiza zaka zingapo, zabwino ndi zoipa, malinga ndi mmene msika umagulira. Tinene malita 300,000. Uwu ndi mlingo wozolowereka. Tikagawa ndi woyamba, lita imasenza K300. Tikagawa ndi wachiwiri, imasenza K400.

Tsono chaka chino mpendadzuwa wasowa, ndipo fakitale yayenga malita 240,000 okha. Pa K300, mafutawo asenza K72 miliyoni, ndipo K48 miliyoni yatsala poyera: ndiyo mtengo wa malita 160,000 amene makina akanatha kuyenga koma sanayenge. Pa K400, mafuta asenza K96 miliyoni, yotsala ndi K24 miliyoni yokha. Ndalama zotuluka m'thumba ndi zomwezo. Nanga K24 miliyoni inayo yapita kuti? Yabisala m'mabotolo, K100 pa lita iliyonse. Mlingo wozolowereka umaonetsa kuperewera kwa chaka chino kokha, pomwe malita 100,000 amene fakitale imalephera kugulitsa chaka ndi chaka amawerengedwa ngati mbali ya mtengo wa mafuta.

Apa ndi pamene eni mabizinezi ambiri amagwera. Akaona K400 amaika phindu pamwamba pake, mtengo n'kukwera kuposa wa anzawo amene makina awo sakhala chete. Ogula amathawa. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mlingo wozolowereka umatsika, mwina kufika pa malita 240,000, lita n'kuyamba kusenza K500, mtengo n'kukweranso. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mtengo wopangira lita ukukwera m'mabuku, chonsecho lendi, malipiro ndi mtengo wa mbewu sizinasinthe.

Vutoli si lachilendo. Henry Gantt, injiniya wa ku America, analemba mu 1915 kuti katundu azisenza ndalama za mbali yokhayo ya fakitale imene yagwira ntchito pomupanga. Robin Cooper ndi Robert Kaplan anautsanso mfundoyi m'zaka za m'ma 1990. Ine ndili kumbali yawo pa nkhani yoika mitengo. K48 miliyoni ikalembedwa pamzere wakewake, bwana amakakamizika kufunsa chochita nayo: kufuna misika ina, kuyengera anthu ena mbewu zawo molipiritsa, kapena kugulitsa makina amodzi.

Komabe mabuku a kumapeto kwa chaka ali ndi lamulo lawo. IAS 2, muyezo umene makampani otsatira IFRS amawerengera katundu wa m'nkhokwe, umanena kuti ndalama zosasintha zigawidwe pa mlingo wozolowereka, ndipo zosagawidwa zilembedwe ngati zowonongedwa m'chaka chomwecho. Choncho fakitale yathu ilemba K400 pa lita m'mabuku amenewo, ndipo siloledwa kukweza kufika K500 chifukwa choti yayenga pang'ono. Palibe choletsa kusunga K300 m'malipoti a mabwana.

Mlingo wotheka uli ndi msampha wakenso. Ngati magetsi amazima kawirikawiri ndipo fakitale ilibe jenereta, maola amenewo sangawerengedwe ngati otheka; kuwawerenga ndi kudzinamiza kuti lita ndi yotchipa. Ndiponso si makina onse okhala chete amene ali otayika. Ngati fakitale idagula makina achiwiri kuti izikwanitsa oda ya sitolo imodzi yaikulu imene imafuna mafuta ambiri mu Disembala, ndalama za miyezi imene makinawo amangokhala ziyenera kulowa mu mtengo wa sitoloyo, osati wa mayi wogula botolo limodzi pagolosale.

Inu amene muli ndi chigayo, bekale kapena fakitale, akauntanti akakupatsani mtengo wopangira katundu, afunseni nambala imene agawira, ndipo akuonetseni ndalama za makina okhala chete pamzere wakewake musanakweze mtengo.