Madzi ochepa otsala pansi pa sinki ndi amene amatseka fungo

Ngati kwanu akufuna kusintha sinki yosambira m'manja ya kubafa, ndikupempheni muwerame musuzumire kunsi kwake asanaigumule. Mupeza zida zitatu: weyisiti, pulagi ndi thirapu. Sinki yatsopano ikamadontha kapena kununkha, kawirikawiri vuto limakhala pa chimodzi mwa izi.

Tiyambe ndi weyisiti. Aka ndi kapaipi kachitsulo kapena kapulasitiki kamene kamalowa pabowo la pansi pa sinki, n'kumangidwa ndi nati chakunsi. Wa sinki ya kubafa nthawi zambiri amakhala wa mamilimita 32, pomwe wa kukhitchini ndi wokulirapo, ndiye osangotola aliyense. Alipo a mitundu iwiri: woboola m'mbali ndi wosaboola. Kuti mudziwe woyenera, yang'anani sinkiyo. Kodi ili ndi kabowo chakumtunda, kufupi ndi mpopi? Kabowo kameneka kamatulutsa madzi sinki ikafuna kusefukira. Madziwo amadutsa m'kanjira kobisika m'kati mwa sinki momwemo, n'kukalowa mu weyisiti kudzera m'mabowo a m'mbali aja.

Tiyerekeze kuti banja lina la pa Chitakale lagula sinki ya kabowo, koma kuhadiweya latenga weyisiti wosaboola. Tsiku loyamba zonse zioneka bwinobwino. Koma mwana akadzatseka pulagi n'kuiwala mpopi, kanjira kaja kadzadzaza chifukwa kalibe potulukira, madzi n'kusefukira pansi. Zikasemphana mwa mtundu winawo, weyisiti woboola pa sinki yopanda kabowo, madzi amatulukira m'mabowomo n'kumadontha kunsi. Apa kumata silikoni n'kungochedwetsa vuto. Mankhwala ake n'kukasintha weyisitiyo.

Pulagi ndi chotsekera. Zakale zinali za labala, zomangirira pa katcheni. Zamakono, zimene amati popu-apu, zili pawiri. Ina ili ndi sipuling'i: mukadina imatseka, mukadinanso imadumpha. Ina imayendetsedwa ndi kandodo ka kuseri kwa mpopi, kamene kamalumikizana ndi kandodo kena kopingasa pansi pa sinki. Kopingasako kali ndi kampira kamene kamakhala ngati potsamira, ndiye mukakoka m'mwamba pulagi imatsika. Ndi liva yomweyi mumaphunzira mu fizikisi. Chenjerani pogula: ya kandodo imafuna mpopi wokhala ndi bowo lodutsa kandodoko. Pulagi ikamataya madzi pang'onopang'ono, ine ndimayamba n'kuizula, kuchotsa tsitsi ndi sopo, kenako kuona ngati labala yake sinathe.

Tsopano thirapu, mwini nkhani. Nyumba zokhala ndi zimbudzi zamadzi m'malo ngati Mulanje zimadalira kwambiri sepitiki thanki. M'menemo mabakiteriya amawoletsa zonyansa popanda okosijeni, n'kutulutsa mipweya monga mitheni, amene sanunkha koma amayaka, ndi H₂S, wonunkha ngati dzira lowola. Paipi yotulutsa madzi ikhoza kukhalanso msewu wobweretsa mipweyayi, ngakhalenso mphemvu. Thirapu ndi paipi yopindika ngati chilembo U. Madzi akatha kutsika, ena amatsalira pokhotapo chifukwa sangakwere okha kukafika potulukira. Otsalawo ndiwo chitseko. M'mathirapu ambiri amakhala akuya mamilimita 50 mpaka 75, ngati kutalika kwa chala basi.

Posankha thirapu, onani kumene paipi yakale ikulowera. Ikamalowa m'khoma, tengani yooneka ngati P. Ikamalowa pansi, yooneka ngati S. Palinso yooneka ngati botolo, yosadya malo, imene mumangomasula kunsi kwake potsuka, ngakhale imatsekeka msanga ndi tsitsi.

Chitseko chamadzichi chimatha m'njira ziwiri. Yoyamba: paipi ikatsetsereka kwambiri, madzi othamanga amadzaza paipi yonse n'kusiya mpweya wochepa mphamvu kumbuyo kwawo. Mpweya wa m'bafa umakankha madzi a mu thirapu kuti atsatire anzawo, monga zimakhalira pokoka madzi mumgolo ndi paipi. Chizindikiro chake ndi kulira koti khololo madzi akamatha. Thirapu ya S ndi imene imakonda zimenezi. N'chifukwa chake paipi yopingasa izitsetsereka pang'ono chabe, masentimita awiri pa mita iliyonse. Yachiwiri ndi kuphwa. Nyumba ikakhala yotseka masabata angapo m'nyengo yotentha ya Okutobala, madziwo amasanduka nthunzi. Mukabwera n'kumva fungo, musathamangire kwa pulambala. Tsegulani mpopi kwa kamphindi.

Pomanga, ndondomeko yake ndi iyi. Ikani wosha walabala kapena silikoni pang'ono pansi pa mlomo wa weyisiti, osamata mabowo a m'mbali. Lowetsani pabowo, mabowowo ayang'anizane ndi kanjira kaja. Kunsi ikani wosha wina, kenako nati. Mangani mpaka igwire, osapyola, poti sinki imang'aluka. Manati apulasitiki a thirapu amangofuna dzanja, osati sipanala.

Silikoni akauma, yesani. Tsekani pulagi, dzazani mpaka madzi alowe m'kabowo ka kumtunda, kenako tsegulani onse atsike kamodzi. Pukutani polumikiza paliponse ndi tishu youma, kuyambira pamwamba kutsika pansi. Pamene tishu yayambira kunyowa ndi pamene pakudontha.