Kalipa ikaonetsa 24.94, kodi ndi zoona?

Chipangizo chilichonse choyezera utali chimaweruzidwa pa zinthu zitatu zosiyana: kachigawo kochepetsetsa komwe chingaonetse, kusasinthasintha kwa mayankho ake, ndi kulondola kwake. M'mabuku a zaumisiri zimenezi amazitcha rezolushoni, puresishoni ndi akyurase. Wophunzira wa chaka choyamba amakonda kuziphatikiza, makamaka akagwira kalipa ya dijito yomwe imalemba manambala awiri kutsogolo kwa kadontho.

Kachigawo kochepetsetsa n'kosavuta kukamvetsa. Pa rula yachitsulo timizere timatalikirana milimita imodzi, pena theka la milimita. Kalipa ya dijito ya mamilimita 150 imawerenga modumpha ndi 0.01 mm, kutanthauza kuti milimita imodzi imaigawa pa 100. Nambala imeneyi ikungonena kukula kwa sitepe ya chipangizocho basi. Siikulonjeza kuti yankho ndi loona. Pa chikalata cha makalipa ambiri amtunduwu pamalembedwa kuti akhoza kuphonya ndi 0.02 kapena 0.03 mm mbali iliyonse, choncho nambala yotsiriza ija siyofunika kuilumbirira.

Zinthu ziwiri zotsalazo zimaoneka bwino poyeza chinthu chomwe utali wake ukudziwika kale, monga kachitsulo kosalala kotchedwa geji buloko ka 25.00 mm. Wophunzira wina wakayeza kasanu n'kupeza 24.94, 24.93, 24.94, 24.95 ndi 24.94. Pakati pa yankho lalikulu ndi laling'ono pali 0.02 mm yokha, ndiye kuti mayankhowo sakusinthasintha. Koma onse aperewera ndi pafupifupi 0.06 mm, kotero si olondola.

Vuto lotere kawirikawiri limayambira pa ziro. Kanyenyeswa kachitsulo kapena litsiro likatsalira pakati pa nsagwada za kalipa, munthu n'kudina batani la ZERO, kalipayo imatenga kampata kameneko ngati poyambira. Kanyenyeswako kakagwa, muyezo uliwonse umaperewera ndi kukula kwake. Kuzindikira kwake sikovuta: nsagwada zipukutidwe, zitsekedwe bwinobwino, ndipo pa galasi paoneka -0.06 m'malo mwa 0.00. Cholakwika cha mtundu umenewu n'choopsa chifukwa mayankho ofanana amamunamiza munthu kuti zonse zili bwino. Ngakhale atayeza kambirimbiri n'kupeza avereji, yankho likhalabe 24.94. Zili ngati sikelo ya pamsika yobera: imapereka kulemera kofanana nthawi zonse, koma kilogalamu yake ndi yosakwana.

Wophunzira wachiwiri, pa kachitsulo komweko, wapeza 24.96, 25.05, 24.99, 25.03 ndi 24.97. Avereji yake ndi 25.00 ndendende, koma mayankhowo amwazikana ndi 0.09 mm, ndipo palibe lililonse lomwe lingadaliridwe palokha. Apa nthawi zambiri wolakwa ndi dzanja. Kukanikiza kwambiri ndi chala chachikulu kumachepetsa nambala, pomwe kugwira chitsulo mopendeketsa kumaiwonjezera. Kuyezera kunsonga kwenikweni kwa nsagwada kumakulitsa vutoli, chifukwa nsagwada yoyenda ija imapendekeka pang'ono ikakanikizidwa. Chinthu choyezedwa chizilowa mkati, pafupi ndi mpini wa kalipa. Avereji imathandiza pa kumwazikana kotereku kokha.

Nanga rula? Pa kachitsulo komweko ionetsa 25 mm, ndipo yanena zoona malinga ndi mphamvu zake. Rula yabwino ikhoza kukhala yolondola ngakhale timizere take ndi totalikirana, kungoti singasiyanitse 24.9 ndi 25.1. Nayo ili ndi misampha yake. Nsonga yake ikaperepeseka, miyezo yonse imapitirira mofanana, n'chifukwa chake amisiri amayambira pa mzere wa 10 mm kenako n'kuchotsera 10 pa yankho. Kuwerenga diso lili chammbali kumasuntha yankho, ndiye diso likhale pamwamba penipeni pa mzere.

Kutentha nako kumalowerera. Miyezo ya utali pa dziko lonse imatengera kutentha kwa madigiri 20, ndipo chitsulo chamba cha 100 mm chimatalika ndi pafupifupi 0.01 mm chikatentha ndi madigiri 10 ena. Shafuti yongochotsedwa kumene pa makina idikire izizire isanayezedwe.

Posankha chipangizo, chofunika kuyang'ana ndi malire omwe chojambula cha ntchitoyo chalola. Thabwa kapena paipi yololedwa kuphonya ndi mamilimita awiri, rula ikwanira. Bawuti yololedwa 0.2 mm imafuna kalipa. Koma shafuti yolembedwa 25.00 ± 0.02 mm kalipa singaiweruze, ngakhale ikuonetsa 0.01, popeza kuphonya kwake kukufanana ndi malire a ntchitoyo. Pamenepo pafunika maikuromita yotsimikiziridwa pa geji buloko.