Mwachotsa laini, koma nkhani zanu zatsala m'foni ya eni

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni, ndipo benchi yanga ili pa kamsika kena ka m'boma la Chifunde, m'mbali mwa msewu wopita ku chipata cha Cassacatiza. Ambiri obwera kwa ine amadandaula za galasi losweka kapena batire lotupa. Koma pamakhala ena amene amadikira kuti anthu achepe kaye, kenaka n'kusendera pafupi n'kufunsa motsitsa mawu kuti: «Kodi munthu angawerenge bwanji mauthenga anga pamene laini ndili nayo m'thumba?» Ena amafika atagamula kale kuti pachitika zamatsenga. Palibe matsenga apa, ndipo lero ndikufuna ndifotokoze zimene zimachitika m'katimo.

Kuno foni yamakono imodzi imatumikira banja lonse, nthawi zina ndi oyandikana nawo omwe. Munthu amakhala ndi laini yake ya Movitel kapena ya Vodacom atakulunga m'kapepala, akafuna kulankhula ndi m'bale wake wa ku Tete kapena ku Joni n'kukabwereka foni. Kubwerekana kumeneku sikolakwika. Cholakwika ndi chikhulupiriro choti nkhani zimakhala mu laini, ndiye ukaisolola zimatuluka nawe limodzi.

Mayi ena, amene sindiwatchula dzina, anabwera ndi nkhani yotere nyengo yogulitsa fodya. Amuna awo anali kutali kuntchito. Mayiwo anabwereka foni ya alamu awo, anaikamo laini yawo, mwana wina n'kuwatsegulira WhatsApp pa nambala yawoyo. Anaigwiritsa ntchito masabata awiri, akumatumizirana mauthenga a mawu ndi bambowo. Atapeza kafoni ka mabatani anachotsa laini n'kubweza foni ya eni, mtima uli m'malo. Patapita mwezi anamva alamuwo akutchula ndalama imene bambowo anatumiza, mpaka tsiku lake. Bambowo nawonso anali atakwiya kuti amatumiza mauthenga, n'kumaona tizizindikiro tiwiri tabuluu tosonyeza kuti awerengedwa, koma yankho osabwera.

Nditamva za tizizindikiroto ndinadziwa pamene pagona vuto. WhatsApp imafuna laini kamodzi kokha, tsiku lolembetsa, pamene imatumiza manambala 6 otsimikizira kuti lainiyo ndi yanu. Zikatha zimenezo sifunsanso ngati laini ili m'foni. Chimene imafuna ndi intaneti basi, ngakhale ya laini ya munthu wina. Choncho mayiwo atasolola laini yawo, foni ya alamu inapitiriza kulandira chilichonse chotumizidwa pa nambala ya mayiwo. Alamuwo sanathyole loko aliyense. Foni yawo inangolira iwo n'kutsegula.

Wina angafunse kuti, nanga si amati mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa? Ndi zoona. Kuyambira chaka cha 2016 uthenga umayenda wokhomedwa kuchoka pa foni yotumiza mpaka yolandira, moti ngakhale kampani ya netiweki singauwerenge. Koma chitetezo chimenechi ndi cha panjira. Uthenga ukafika umatseguka, ndipo amene wagwira foni ndiye amauona.

Ndinawafunsa mayiwo kuti: «Mayi, pakhomo pali foni ina yamakono imene mumaikhulupirira?» Anati mwana wawo wamkulu ali nayo. Tinalembetsa nambala yawo pa foni ya mwanayo, manambala 6 aja anabwera pa kafoni ka mabatani, ndipo titangowalemba WhatsApp ya pa foni ya alamu inadzitseka yokha, popeza nambala imodzi imakhala ndi foni yaikulu imodzi. Kenaka tinaika nambala yachinsinsi pamalo olembedwa Two-step verification, kuti wina akadzagwira laini yawo kwa mphindi zochepa asadzathe kuisamutsanso. Mayiwo anapumira m'mwamba poganiza kuti nkhani yatha. Ndinawauza kuti tangotseka mpopi, koma madzi amene analowa kale mumtsuko akadali momwemo.

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale anzanga ena a ntchito yomweyi, amaphonya. WhatsApp imasunga zinthu m'magawo awiri. Mawu olembedwa amakhala m'nkhokwe yake yomwe siitseguka wamba. Koma zithunzi, mavidiyo ndi mauthenga a mawu zimakhala ngati mafayilo wamba m'chikwatu cha foni, ndipo aliyense wodziwa kufufuza angazitsegule popanda WhatsApp. Pa mafoni atsopano a Android mauthenga a mawu amakhala apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media/WhatsApp Voice Notes
```

Pa mafoni akale chikwatu cholembedwa WhatsApp chimangokhala poyera mukatsegula malo osungira mafayilo, ndipo chimatsala ngakhale mutachotsa pulogalamuyo. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa ambiri sitilemba, timalankhula. Nkhani ya ndalama za fodya, ya matenda, ya mlandu wa munda, yonse ili m'mawu athu enieni, m'timafayilo tothera ndi .opus, tosanjidwa m'magulu motsata masabata. Tsiku limene mayiwo anabwera ndi alamu awo, tinatsegula chikwatucho tonse atatu tikuona. Ndinakhudza fayilo imodzi, liwu la bambowo linamveka pa benchi ponse likupereka moni. Alamuwo anayang'ana pansi. «Pepani alamu, sindinkadziwa kuti zidakalimo,» anatero, ndipo ine ndinawakhulupirira pa zimenezo. Tinafufuta chikwatu chonse, kenaka tinalowa kosungira zithunzi n'kukhuthula kabini ka zotayidwa, chifukwa mafoni ambiri amasunga chithunzi chofufutidwa kwa masiku pafupifupi 30 asanachitayiretu.

Tsono wobwereka foni achite chiyani pobweza? Dongosolo lake ndi lofunika. Yambani mwatumiza kapena kukopera zimene mukufuna kusunga, chifukwa zikapita sizibwerera. Kenaka lowani mu Settings ya foni, pezani WhatsApp pa mndandanda wa mapulogalamu, sankhani Storage n'kudina Clear data. Zimenezi zimatulutsa nambala yanu ndi kuchotsa mawu olembedwa. Pomaliza pitani kukaona ndi maso anu ngati chikwatu cha zithunzi ndi mawu chija chapita, pa foni ndi pa memorikhadi ngati ilimo. Laini muisolole zonsezi zitatha. Chenjezo limodzi lokha: ngati eni foni ali ndi nkhani zawo mu WhatsApp yomweyo, Clear data imasesa za onse. Kuyambira 2023 pulogalamuyi imalola maakaunti awiri pa foni imodzi, ndiye zikakhala choncho chotsani akaunti yanu yokha m'kati mwa WhatsApp, eni ake ali pomwepo.

Pali china chimene chimadabwitsa anthu. WhatsApp imatha kusunga kope la nkhani zanu ku akaunti ya Google imene ili pa foniyo, ndipo pa foni yobwereka akauntiyo ndi ya eni. Ndiye kope la nkhani zanu limakhala m'nyumba ya munthu wina, inuyo mukagula foni yanu simungalitenge popanda iye. Mukamalembetsa pa foni yobwereka, funso la kusunga kope likabwera, kanani.

Za mauthenga wamba sindichulutsa. Uthenga uliwonse wa M-Pesa kapena e-Mola umene unafika laini yanu ili m'foni ya eni umatsala momwemo, ndipo umaonetsa ndalama yolowa, yotuluka, kawirikawiri ndi yotsala. Fufutani musanabweze. Ndi mmene alamu aja anadziwira tsiku lenileni la ndalama yoyamba.

Kompyuta ili ndi msampha wakewake. Aphunzitsi ndi alembi a magulu a alimi amapita ku kashopu kosindikiza makalata, kalata ili mu WhatsApp. Mwini shopu amatsegula web.whatsapp.com, inu mumaloza kamera pa kabokosi ka timadontho, nkhani zanu zonse n'kuonekera pa kompyuta. Mwasindikiza, mwalipira, mwatseka zenera, mwapita. Kutseka zenera sikutuluka. Wobwera pambuyo panu akatsegula tsamba lomwelo angapeze nkhani zanu zili yalaa, zatsopano zikulowa, ngakhale foni yanu itazima. Akaunti imodzi imalola zipangizo zina zinayi zolumikizidwa chonchi, ndipo sizidzichotsa msanga. Lamulo lodziwika ndi loti zimatuluka zokha foni yanu ikatha masiku 14 osagwiritsidwa ntchito, zimene sizingakuthandizeni inu amene mumaigwira tsiku lililonse.

Ubwino wake, msampha uwu umamasulidwa muli kwanu. Tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu tapamwamba, sankhani Linked devices. Ngati foni yanu ili m'Chipwitikizi mawuwo ayamba ndi Dispositivos kapena Aparelhos. Muona mndandanda wa zipangizo ndi nthawi imene chilichonse chinagwira ntchito komaliza. Chimene simukuchidziwa chidineni n'kusankha Log out. Ine ndimayang'ana pamenepa pa foni iliyonse imene mwini wake akudandaula kuti nkhani zake zikumveka kunja, ndipo ndimalangiza kutero mukangoitenga kochajitsa kapena kwa wokonza, kuphatikizapo kwa ine. Kulumikiza chipangizo kumatenga mphindi yosakwana imodzi ngati foni ilibe loko.

Komabe Log out sachotsa kalata imene inatsitsidwa pa kompyuta ija. Imatsala m'chikwatu cha Downloads, pamodzi ndi ziphaso za anthu ena makumimakumi amene anabwera inu musanafike. Musachite manyazi kunena kuti: «Achimwene, tafufutani fayiloyo ndikuona.» Pa Windows, kuisankha n'kudina mabatani awa pamodzi kumaichotsa osadzera m'bini:

```
Shift + Delete
```

Kunena zoona, ine ndikamasindikiza sindilumikiza WhatsApp yanga pa kompyuta ya eni. Ndimatumiza fayilo imodziyo ku nambala ya shopu, basi.

Anthu amandifunsanso za njira zatsopano. Mauthenga odzifufuta okha, amene mungawaike pa maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, amathandiza pa foni ya banja chifukwa nkhani siziunjikana, koma amagwira mauthenga atsopano okha, ndipo wina angathe kujambula galasi asanazimirire. Loko wa nkhani imodziimodzi, amene anabwera mu 2023, nthawi zambiri amadalira chala kapena nambala yotsekera foniyo. Pa foni imene nambala yake imadziwika ndi nyumba yonse, kapena imene zala zitatu zinalembetsedwa, lokoyo amatsekera alendo okha. Ndipo Delete for everyone ili ndi malire a masiku pafupifupi awiri okha, komanso singabweze zimene munthu wamva kale.

Mayi aja anabweranso patatha sabata kudzachajitsa kafoni kawo. Anandiuza kuti agwirizana ndi amuna awo kuti nkhani za ndalama azingoimbirana, WhatsApp ya pa foni ya mwana ikhale ya moni ndi zithunzi za ana. Asananyamuke anandipempha kuti ndiwaonetsenso pamene pamakhala mndandanda wa zipangizo paja. Anadina okha, munalibe kanthu, anabweza foni kwa mwana wawo n'kukwera njinga.