Chizindikiro cha malonda olipiridwa pa mavidiyo a YouTube

Chizindikiro cha malonda olipiridwa ndi kachilembo kamene YouTube imaonetsa vidiyo ikangoyamba, pofuna kudziwitsa woonera kuti mwini vidiyoyo analandira ndalama, katundu kapena phindu lina kuchokera ku kampani imene akuitchula. Kwa munthu amene foni yake ili m'Chingerezi, mawu ake amakhala akuti "Includes paid promotion". Amaoneka pakona ya kumanzere chakumtunda kwa chithunzi kwa masekondi 10, kenako amazimiririka. YouTube inayambitsa chizindikirochi m'chaka cha 2016.

Malonda amenewa ndi osiyana ndi otsatsa amene amadukiza vidiyo, aja woonera amawadumpha podina "Skip". Otsatsa odukizawo amaikidwa ndi YouTube yokha, ndipo amene amalipira YouTube Premium sawaona. Malonda olipiridwa ali m'kati mwa vidiyo yeniyeniyo: mwini wake akuyamikira sopo ndi pakamwa pake, wavala malaya a kampani inayake mogwirizana nayo, kapena akulengeza kuti pulogalamu yake yathandizidwa ndi akutiakuti. Zimenezi aliyense amaziona, wolipira ndi wosalipira yemwe.

Mfundo yaikulu pa chizindikirochi ndi yakuti amachiyatsa ndi mwini vidiyo. Akalowa mu YouTube Studio pa kompyuta, amapita pa "Content", n'kusankha vidiyo, n'kutsikira m'munsi mwa tsamba la "Details" ndi kudina "Show more". Pamenepo pali gawo la "Paid promotion" lokhala ndi kabokosi kamene amachonga povomereza kuti m'vidiyomo muli malonda, kenako amadina "Save". Mwini vidiyo akafuna kudziwa ngati chizindikiro chilipo amangoyang'ana kabokosi komweko. Angathenso kukachonga pa vidiyo imene inatuluka kalekale popanda kuiikanso mwatsopano, choncho chiwerengero cha oonera ndi ndemanga zawo sizitayika.

Woonera wamba alibe mwayi wolowa mu Studio ya mnzake, motero amadalira maso. Ayenera kuyang'ana pakona ija vidiyo yeniyeniyo ikangoyamba, otsatsa oyambirira atatha. Masekondi 10 ndi ochepa kwa munthu amene akukweza mawu kapena kutembenuza foni, ndiye ambiri chimawadutsa osachiona. Chikadutsa, njira yosavuta ndi kutseka vidiyoyo n'kuitsegulanso kuchokera poyambira. Munthu akadina pa chilembocho amafika pa tsamba la YouTube lofotokoza tanthauzo la malonda olipiridwa, ndipo tsambalo ndi limodzimodzi pa mavidiyo onse.

Pa kompyuta pali njira ina yosadikira masekondi aja. Tsamba la vidiyo likatseguka, kudina Ctrl+U kumaonetsa malemba amene tsambalo lamangidwa nawo, ndipo Ctrl+F imapereka kabokosi kofufuzira. M'menemo mumalembedwa mawu awa:

```
paidContentOverlay
```

Akapezeka, pafupi nawo pamakhalanso mawu a chizindikiro chija ndi nambala 10000, imene ndi masekondi 10 powerengera m'tizigawo 1,000 ta sekondi imodzi. Dzinali ndi la m'kati mwa makina a YouTube ndipo kampaniyo ingalisinthe osauza munthu, choncho njirayi ndi yothandizira maso chabe.

Tsono woonera amauzidwa zochepa kwambiri. Mwachitsanzo, vidiyo ya mphindi 12 ikuyerekeza mafoni atatu otsika mtengo, ndipo poyambira chilembo chija chaoneka. Chimene chadziwika ndi chimodzi chokha: penapake m'vidiyomu muli dzanja la wamalonda. Chilembocho sichitchula kampani, sichinena ndalama zimene zinaperekedwa, ndipo sichiloza mphindi imene malondawo ali. N'kutheka kuti analipira ndi amene amapanga imodzi mwa mafoniwo, ndiye kuti chigamulo chonse cha vidiyoyo n'chofunika kuchikayikira. N'kuthekanso kuti analipira ndi kampani ya mahedifoni imene yatchulidwa kwa mphindi imodzi pakati, mafoniwo mwini vidiyo atagula ndi ndalama zake. Chizindikiro ndi chofanana pa nkhani ziwirizi, pamene kwa munthu wofuna kugula foni zikusiyana kutali.

Kuti asiyanitse, woonera amatsegula mawu ofotokoza vidiyo amene ali pansi pake, podina "more". Kumeneko kumapezeka mawu monga "Sponsored by" kapena #ad, ulalo wopita ku sitolo, ndiponso nambala yochotsera mtengo yokhala ndi dzina la mwini vidiyo. Amamvetseranso zimene mwiniyo akunena: ngati wati foni yachiwiri anachita kumutumizira kwaulere, ndipo ulalo woyamba pansipo ukupita kogula foni yomweyo, wolipira wadziwika. Instagram pamenepa imachita bwinoko, chifukwa chilembo chake chingathe kutchula kampaniyo m'mawu akuti "Paid partnership with". TikTok imasiyanitsa "Paid partnership", potsatsa katundu wa ena, ndi "Promotional content", munthu akamatsatsa bizinesi yake.

Kusowa kwa chizindikiro sikutsimikizira kuti palibe amene walipira. Mwini vidiyo akhoza kuiwala kabokosi kaja kapena kukasiya dala. Malamulo a YouTube amafuna kuti akachonge, ndipo amamukumbutsa kutsatiranso malamulo a dziko lake, monga amene amayang'aniridwa ndi bungwe la FTC ku America ndi la ASA ku Britain. Mlandu wodziwika ndi wa kampani ya Warner Bros., umene FTC inalengeza mu Julayi 2016. Kampaniyo inalipira anthu otchuka pa YouTube, kuphatikizapo PewDiePie, kuti aonetse gemu ya Middle-earth: Shadow of Mordor moiyamikira m'chaka cha 2014. Dandaulo la FTC linali lakuti mawu oulula za malipirowo anaikidwa pansi pa vidiyo, nthawi zambiri pamalo oonekera pokhapokha munthu atadina "Show more". Bungweli limachenjezanso kuti chilembo choperekedwa ndi kampani ya intaneti pachokha sichingakhale chokwanira, ndipo n'chifukwa chake eni mavidiyo osamala amanenanso ndi pakamwa kuti alipiridwa.

Pali malire ena amene amakhudza kwambiri oonera a ku Malawi ndi Zambia, kumene bandulo ndi yodula ndipo mavidiyo ambiri amayenda pa WhatsApp, pa memore khadi kapena pa fulashi. Chilembo chija sichili m'chithunzi cha vidiyo. Chimangosanjikidwa pamwamba ndi pulogalamu ya YouTube pa nthawi yoonera. Vidiyo ikakopedwa n'kukhala fayilo yotumizirana, chilembocho chimatsala, mawu ofotokoza aja amatsalanso, koma kuyamikira sopo kapena mankhwala kumapita nayo. Wolandira vidiyo yotereyi amayenera kufufuza dzina la mwini wake pa YouTube n'kuona vidiyo yoyambirira.

Kuchonga kabokosi kuli ndi zotsatira zina zimene woonera saziona. YouTube imapitiriza kuika otsatsa ake pa vidiyoyo, koma ikhoza kusinthanitsa wotsatsa amene akupikisana ndi kampani yolipirayo n'kuikapo wina. Vidiyo yochongedwa imachotsedwanso pa YouTube Kids, pulogalamu ya ana. Komanso kabokosiko sikapereka chilolezo chotsatsa chilichonse: mankhwala ozunguza bongo, katundu wachinyengo ndi ntchito zolembera ophunzira mayeso kapena zolemba za kusukulu n'zoletsedwa ngakhale mwini vidiyo ataulula kuti walipiridwa. Woonera akakumana ndi zoterezi angadandaule podina "Report" pa vidiyoyo.