Chizindikiro cha malonda cha nsinjiro za makopaletivu ku Mchinji

Chizindikiro cha malonda ndi dzina, chithunzi ndi mitundu zomwe zimasiyanitsa katundu wa gulu limodzi ndi wa ena. Alimi a mtedza a m'dera la Mfumu Yaikulu Zulu, m'boma la Mchinji kumalire ndi Zambia, amafunika chizindikirochi akafuna kugulitsa nsinjiro m'masitolo a m'tauni. Kumsika wogula amaona wogulitsa maso ndi maso, koma m'sitolo amangoona paketi.

Mbiri

Mtedza wa ku Mchinji unagulitsidwapo kale ndi chizindikiro. Mu 2004, bungwe la alimi la MASFA, lomwe lili pansi pa NASFAM, linalandira chiphaso cha Fairtrade. Kuchokera mu 2007, mtedza wake unkagulitsidwa ku Britain pa dzina la Liberation, kampani yomwe magulu a alimi ali ndi gawo la umwini wake.

Dzina ndi maonekedwe

Dzina labwino limakhala lalifupi komanso losavuta kutchula. Mawu ongofotokoza katundu, monga "Nsinjiro za ku Mchinji", ndi ovuta kuwateteza chifukwa aliyense wa m'bomalo angathe kuwagwiritsa ntchito. Gulu limasankha dzina lakelake n'kulilembetsa ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda, ndipo dzina la dera limalembedwa m'munsi mwake. Chithunzi chimodzi ndi mitundu iwiri n'zokwanira, bola zisamasinthe. Lebulo ikamasinthasintha, wogula amaganiza kuti katunduyo ndi wachinyengo.

Zolembedwa pa lebulo

Bungwe la Malawi Bureau of Standards limafuna kuti pa chakudya cha m'paketi palembedwe dzina la chakudyacho, kulemera kwake, dzina ndi adiresi ya opanga, tsiku lothera mphamvu komanso nambala ya ulendo womwe chinapangidwa. Chidindo cha bungweli chimaikidwa pokhapokha litayendera malo opangira ndi kuyeza katunduyo.

Nambala ya ulendo ndiyo imateteza dzina la gulu. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, chomwe chimatulutsa poizoni wa aflatokisini, ndipo ukasinjidwa, mtedza woipa suonekanso. Mwachitsanzo, gulu likasinja makilogalamu 100 pa 12 Juni, limapeza mapaketi pafupifupi 200 a magalamu 500. Onsewo amalembedwa nambala imodzi, monga 1206, ndipo mlembi amalemba m'buku mayina a mamembala omwe anapereka mtedzawo. Sitolo ya ku Lilongwe ikadandaula kuti nsinjiro zikuwawa kapena zikununkha chuku, gulu limabweza mapaketi a nambala imeneyo okha n'kufufuza komwe mtedzawo unachokera. Popanda nambala, sitoloyo imachotsa katundu yense wa gululo.

Zovuta

Nsinjiro zili ndi mafuta ambiri, choncho lebulo ya pepala yoikidwa m'kati mwa paketi imathimbirira ndipo zolemba zimafufutika. Imayenera kumatidwa kunja kwa paketi yotsekedwa bwino. Vuto lina limabwera membala akamagulitsa nsinjiro zake ndi lebulo ya gulu. N'chifukwa chake malamulo a kopaletivu amayenera kunena kuti mwini chizindikiro ndi gulu, ndiponso kutchula amene amasunga malebulo.