Kuthokoza eni khomo mbale zisanachotsedwe

Abale akakumana pa Khirisimasi kapena pa chinkhoswe, anthu akadya n'kusamba m'manja, pamakhala kamphindi koti aliyense wangokhala duu. Mawu othokoza eni khomo amayankhulidwa nthawi imeneyi. Ena m'tauni anatengera mwambo wa azungu woimirira ndi tambula m'manja chakudya chisanayambe, koma nsima siidikira munthu. Ikazizira, amene anaiphika ndiye amamva kuwawa mumtima.

Woyankhula amakhala mmodzi, wamkulu pakati pa alendo: malume, nkhoswe kapena mchimwene wamkulu. Wachinyamata amayankhula pokhapokha akulu atamutuma, ndipo amayamba ndi kunena kuti watumidwa.

Tiyerekeze kuti banja lachoka ku Lilongwe kukacheza kwa mkulu wawo ku Dedza. Eni khomo apha tambala, aphika mpunga ndi mbatatesi, ndipo thobwa analiyamba dzana. Mlendo wamkulu wapatsidwa nthutumba. Iye angayambe ndi kuwomba m'manja mwaulemu, kenako n'kunena kuti:

"Achimwene ndi alamu, ndikuyankhula m'malo mwa tonse amene tabwera. Mwatilandira bwino kwambiri. Tambala uja tinamupeza akulira pakhomo pano, ndipo mwamupha chifukwa cha ife. Alamu, inu ndi atsikanawa mwakhala pamoto kuyambira m'mamawa, ndipo thobwa lanu ana athu alimwa mpaka kupempha lina. Takhuta. Kwathunso ndi kwanu, tikudikirani. Zikomo kwambiri."

Mawuwa safika mphindi imodzi, koma atchula zinthu zimene aliyense waziona ndi maso. Kungoti "zikomo chifukwa cha zonse" n'kopepuka, chifukwa munthu anganene zomwezo ngakhale atangopatsidwa madzi akumwa. Ukatchula tambala, mwini wake amadziwa kuti waona zimene wataya chifukwa cha iwe. Pakhomo pamene pali nkhuku zochepa, kupha imodzi si nkhani yamasewera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amathokoza bambo wa pakhomo yekha, amene wakhala nawo pamthunzi tsiku lonse, n'kuiwala amayi amene maso afiira ndi utsi. Nthawi zambiri amayiwa amadyera paokha kuseri kwa nyumba, ndiye mawuwo sawamva n'komwe. Woyankhula apemphe kuti aitanidwe, kapena apite yekha kukhitchini kukawathokoza. Ngati akudziwa mfunda wawo, monga Naphiri kapena Nabanda, awatchule nawo, chifukwa umenewo ndi ulemu waukulu.

Nkhani za malire a munda, ngongole kapena m'bale amene sanabwere zili ndi nthawi yake. Zikalowa m'mawu othokoza, eni khomo amakumbukira zimenezo n'kuiwala zikomo uja. Ndipo woyankhula akaona ana ayamba kutuluka mmodzimmodzi, atsikana aima pakhomo kudikira kuti atole mbale, adziwe kuti watalikitsa. Amalize pomwepo, apatse mpata mwini khomo kuti ayankhe.