Magalasi a pa desiki: yambani mwayeza pamene pali sikirini

Munthu akafika zaka 40 kapena 45, kagalasi kachilengedwe kamene kali m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo sikapindikanso mosavuta kuti kaone zinthu zapafupi. N'chifukwa chake achikulire amatambasula mkono powerenga uthenga pa foni. Si matenda ayi, ndi msinkhu. Kwa munthu amene amakhala pa desiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo, vutoli limabwera ndi linzake: sikirini ya kompyuta siili kutali ngati msewu, komanso siili pafupi ngati buku. Ili pakati, ndipo magalasi ambiri amene anthu amagula sanapangidwire mtunda umenewo.

Mphamvu ya magalasi amaiyeza m'madayoputa, ndipo masamu ake ndi osavuta: mumagawa 100 ndi mtunda wa chinthu m'masentimita. Pepala limene lili pa masentimita 40 limafuna madayoputa 2.50. Sikirini imene ili pa masentimita 65 imafuna pafupifupi 1.50. Mphamvu imeneyi iyenera kuchokera m'diso lenilenilo kapena m'galasi, ndipo zaka zikamapita gawo la diso limanka lichepa.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 wowerengera ndalama mu ofesi. Pa chikalata chimene wapatsidwa atayezedwa maso palembedwa +0.50 ya kutali, ndipo pa mzere wa ADD, kutanthauza mphamvu yowonjezera yowerengera, palembedwa +2.00. Sikirini yake ili pa masentimita 65, ndipo malisiti amawawerengera pa masentimita 40.

Akasankha baifoko, magalasi aja okhala ndi kazenera kakang'ono m'munsi, adzaona bwino munthu wolowa pakhomo komanso malisiti. Koma kazenera ka +2.00 kamaonetsa bwino zinthu mpaka pa masentimita 50 basi, chifukwa 100 kugawa ndi 2 ndi 50. Sikirini ili kuseri kwa malire amenewo. Akayang'anira kumtunda kwa galasi, diso lake liyenera kudzipezera lokha madayoputa 1.50 aja. Pa msinkhu wakewo likhoza kutero kwa kanthawi, koma osati tsiku lonse, ndipo pofika masana manambala amayamba kuoneka mwachimbuuzi, mutu n'kumawawa pachipumi. Ndiye thupi limapeza njira yake: mayiyo amasendeza mutu kutsogolo kuti alowe m'masentimita 50 aja, n'kukweza chibwano kuti sikirini igwere pa kazenerako. Ambiri amene amadandaula khosi ndi mapewa poweruka amakagula mankhwala opaka, osadziwa kuti gwero lake lili pamphuno pawo.

Pulogiresivu, imene inayamba kugulitsidwa ku France mu 1959 ndi dzina loti Varilux, ilibe mzere. Mphamvu imakwera pang'onopang'ono kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, choncho penapake pakati pali mphamvu yeniyeni imene sikirini ikufuna. Pa chikalata zimaoneka ngati nkhani yatha. Vuto ndi lakuti gawo lapakatilo ndi kanjira kopapatiza, ndipo m'mbali mwake zinthu zimaoneka zopindika kapena zosamveka bwino. Opanga magalasi sangachotseretu zimenezi. Akhoza kungozikankhira m'mbali, ndipo ADD ikamakula, kanjirako kamapapatirabe. Mayi wathu akatsegula tebulo la manambala lodzaza sikirini yonse, sangaliwerenge poyendetsa maso okha. Ayenera kumatembenuza mutu uku ndi uku, mphuno ikulondola mzere uliwonse. Ndipo poti kanjirako kali m'munsi pang'ono mwa pamene amayang'anira akawongoka, chibwano chimakwerabe, ngakhale osati kwambiri ngati ndi baifoko.

Apa wogwiritsa ntchito laputopu ali ndi mwayi, chifukwa sikirini yake ili m'munsi kale ndipo maso amatsikira okha m'kanjirako. Amene ali ndi sikirini yaikulu yoima pa desiki, kapena ziwiri zogundizana, ndiye amavutika. Ngati muli kale ndi pulogiresivu, musanaitaye tsitsani sikirini kuti m'mphepete mwake mwa kumtunda mukhale m'munsi pang'ono mwa maso anu, muone ngati khosi silipepuka.

Magalasi a mphamvu imodzi, amene anthu amawaona ngati achikale, ndi amene nthawi zambiri amamuthandiza kwambiri munthu wotere, bola akhale opangidwira mtunda wa sikirini osati wa buku. Kwa mayi wathu, woyeza maso akhoza kuwonjezera +1.25 pa +0.50 ya kutali ija, n'kupeza +1.75. Ndi magalasi amenewo amaona bwino mpaka pa masentimita 80, galasi lonse kuchokera mbali ina kufika ina, mutu uli chowongoka. Pa sikirini diso limangowonjezera kachigawo kochepa kwambiri. Pa lisiti la pa masentimita 40 liyenera kuwonjezera 1.25, zimene n'zotheka poyang'ana mwa apo ndi apo, ngakhale zilembo zing'onozing'ono zikhoza kumutopetsa akaziwerenga nthawi yaitali. Choipa chake n'chodziwika: akadzutsa mutu, nkhope ya mnzake wa tsidya lina la ofesi siioneka bwino, ndipo sayenera kuyendetsa nawo galimoto. Magalasi owerengera ogula kale pamsika kapena m'sitolo ya mankhwala ndi a mtundu womwewu, koma ali ndi mphamvu yofanana maso onse awiri ndipo sakonza diso limene lili ndi mbali yopindika mosiyana. Komanso anthu amawasankha poyesa pa nyuzipepala, choncho amagula amphamvu kwambiri kuposa zimene sikirini ikufuna.

Pali mtundu wina umene ogulitsa sautchula kawirikawiri pokhapokha mutafunsa: pulogiresivu ya mu ofesi. Imeneyi imasiya zoona kutali kwenikweni, n'kupereka gawo lalikulu la galasi ku sikirini, m'munsi n'kukhala mowerengera mapepala, ndipo mitundu ina imafika mamita angapo, okwanira chipinda. Ngakhalenso baifoko ikhoza kukonzedwa motero, kumtunda mphamvu ya sikirini, kazenera mphamvu ya pepala. Kwa mayi amene tsiku lonse maso ake amadumpha pakati pa malisiti ndi kompyuta, ine ndingasankhe imodzi mwa ziwirizi, n'kumaisiya mu dirowa poweruka. Koma kwa wolandira alendo kapena kalaliki wa pa kauntala, amene amayang'ana sikirini mphindi imodzi kenako munthu amene waima pa mzere, pulogiresivu wamba ndiyo yabwino, chifukwa kuvula ndi kuvala magalasi kangapo pa ola sikungatheke. Ndipo amene sanafike zaka 40 kawirikawiri safunika zonsezi: magalasi ake a mphamvu imodzi a kutali amamukwanira, popeza diso lake likadali lofewa.

Musanapite kokayezetsa, khalani pa mpando wanu monga mwa masiku onse, ndipo mnzanu ayeze ndi tepi kuchokera pa diso kufika pa sikirini, kenako kufika pa pepala. Manambala awiriwo mukawapereke kwa woyeza maso, chifukwa mukapanda kutero ADD idzayezedwa pa masentimita 40 monga mwa chizolowezi. Mukasankha pulogiresivu, onetsetsani kuti akuvekani felemu yeniyeniyo n'kuika kadontho pa galasi pamene pali mwanadiso, diso lililonse palokha. Kulakwitsa ndi mamilimita ochepa chabe kumasuntha kanjira kaja kuchoka pamene diso limayang'anira. Kuzolowera kumatenga masiku angapo, mwina masabata awiri. Akadutsa masabata awiriwo mukadali kupendeka mutu kuti muone bwino, kapena diso limodzi likuona bwino sikirini pamene linalo ayi, bwererani nawo akayezenso madontho aja.